Nyanja ili pafupi, nanga mjigo ukuphweranji?

*"Zikomo bambo. Ine ndine msungichuma wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu, kufupi ndi kwa Khombedza kuno ku Salima. Mjigo wathu sunkavuta, koma zaka ziwiri zapitazi ukafika Okutobala umatulutsa madzi pang'onopang'ono, masana n'kusiyiratu. Anthu atatu anakumba mijigo ya sola yothirira madimba chapafupi. Ena akuti ndi iwowo akutimalizira madzi, eni ake akuti madzi a pansi satha poti nyanja ili pomwepa. Zoona n'ziti? Tisonkhe ndalama tizamitse mjigowu?"*

Mayi, ndalamazo zisungeni kaye. Musanaloze chala munthu aliyense, yambani mwayesa pampu yanu, chifukwa mijigo yambiri imene anthu amati yaphwa imakhala kuti yatha marabala chabe. Ngati wanuwo ndi wa Afridev, monga ilili yambiri ya m'midzi, kuyesa kwake n'kosavuta. Pitani m'mawa, pukusani mpaka madzi ayambe kutuluka, kenako tcherani ndowa ndipo mupukuse ka 40 pa mphindi imodzi, chogwirira chikufika pamwamba ndi pansi penipeni. Pampu yabwino imapereka malita pafupifupi 16. Mukatero isiyeni kwa theka la ola. Mukabwerera n'kupeza kuti mwapukusa koposa kasanu madzi asanatuluke, ndiye kuti akuthawira pansi, kaya pa futuvavu, kachotsekera koletsa madzi kubwerera pansi, kaya pa paipi yong'aluka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amakaniki a mijigo. Koma pampu yodwala imadwala tsiku lonse ndi chaka chonse. Yanu ikumapereka m'mawa, kukana masana, ndipo imayamba khalidweli dzuwa la Okutobala likafika. Zimenezo zikuloza pansi pa nthaka.

Pansipo palibe mtsinje kapena dziwe monga ambiri amaganizira. Munaonapo amayi akufukula mchenga mumtsinje wouma nthawi ya chilimwe, madzi n'kumadzadza pang'onopang'ono m'kadzenjemo. Madzi a mumjigo amakhala chimodzimodzi, m'timipata ta pakati pa mchenga ndi timiyala. Chigwa cha Salima chinapangika ndi mchenga ndi dongo zimene mitsinje ngati Linthipe ndi Lingadzi yakhala ikukokolola kuchokera kumapiri a ku Dowa ndi ku Dedza kwa zaka zosawerengeka. Pamene pali mchenga wokhuthala, mjigo umapereka bwino. Pamene pachuluka dongo, madzi alimo ndithu koma amakanirira, satuluka msanga.

Madziwo ndi a mvula. Dzuwa limakweza nthunzi kuchokera panyanja, pamadambo ndi m'masamba a mitengo, nthunziyo n'kukhala mitambo, mvula n'kugwa kuyambira Disembala kufika Epulo. Salima imalandira mamilimita cha m'ma 1,200 pa chaka, zomwe sizochepa. Koma gawo lalikulu limabwerera kumwamba kudzera m'dzuwa ndi m'mizu ya zomera, lina limathamangira m'mitsinje tsiku lomwelo. Lotsala, lomwe ndi laling'ono kwambiri, ndi limene limapitirira mizu n'kukafika kumene mjigo umatunga. Mvula yoyamba sifikako n'komwe, imathera kunyowetsa nthaka youma. Madzi a pansi amayamba kukwera nthaka ikakhuta, cha mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo amafika pachimake mvula ikamatha kapena itangotha kumene. Choncho pansi pathupa ndi nkhokwe: timathiramo kamodzi pa chaka, koma timatapamo tsiku ndi tsiku.

Za nyanjazo, eni sola asadzinamize. Mudzi wanu uli pamwamba kuposa nyanja, ndipo madzi a pansi amayenda kuchokera kumtunda kutsetserekera kunyanja. Ndi inu amene mumadyetsa nyanja, osati iyo kudyetsa inu. Mjigo wokumbidwa pamchenga wa m'mbali mwa nyanja penipeni ku Senga Bay ukhoza kukokako madzi a m'nyanja, koma wa makilomita angapo kumtunda ulibe mwayi umenewo. Ndipotu nyanjayo nayonso imadalira mvula: pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka Shire anasiya kutuluka.

Tsopano tiwerengere, chifukwa mkangano wanuwu umatha ndi masamu. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Tingoyerekeza kuti kwanuko mamilimita 50 ndi amene amafika pansi pa chaka. Nambala yeniyeni imasiyana malinga ndi nthaka komanso chaka, koma iyi itithandiza kuona kukula kwa nkhani. Ndiye kuti hekitala iliyonse imathira malita 500,000 m'nkhokwe muja.

Mjigo wopukusa ndi manja umayenera kutumikira anthu pafupifupi 250. Aliyense akatunga malita 20, ndi malita 5,000 pa tsiku, omwe ndi malita 1,825,000 pa chaka. Mvula yolowa pa mahekitala anayi yokha ikukwanira kubweza madzi onsewo. N'chifukwa chake mijigo ya manja payokha kawirikawiri simaliza madzi, ngakhale ikhale ingapo m'mudzi. Mkono wa munthu umatopa msanga madzi asanathe.

Pampu ya sola sitopa. Chimanga cha m'chilimwe kunyanja kotentha kuno chimafuna mamilimita pafupifupi 5 pa tsiku, kutanthauza malita 50,000 pa hekitala. Tinene kuti mlimi aliyense mwa atatuwo akuthirira mahekitala awiri. Ndi malita 100,000 pa tsiku, ofanana ndi mijigo ya manja 20. Akathirira masiku 120, watapa malita 12,000,000, omwe ndi mvula yolowa pa mahekitala 24. Atatuwo pamodzi ndi malita 36,000,000, ndipo tikaonjezerapo a mjigo wanu tikuyandikira 38,000,000.

Ngati malo amene amadyetsa mijigo inayi imeneyi ndi mahekitala 50, olowa ndi malita 25,000,000 okha. Pakuperewera 13,000,000 pa chaka, omwe ndi mamilimita 26 tikawagawa pa malo onsewo. Zikumveka zochepa, koma kumbukirani kuti madzi amakhala m'timipata chabe. Mumchenga umene gawo limodzi mwa magawo 10 ndi madzi otungika, kuchotsa mamilimita 26 kumatsitsa madzi a pansi ndi masentimita 26. Pa zaka 10 ndi kupitirira pang'ono mamita awiri ndi theka. Zoona, ena mwa madzi othirirawo amalowanso pansi, ndipo ena amabwera kuchokera kumtunda. Komanso madzi olowa aja sanali ongokhala kudikira ife. Ndi omwewo amene amanyowetsa dambo mu Seputembala ndi kuyendetsa mtsinje mvula itasiya kale. Amene amayamba kumva kuwawa ndi agogo olima mpiru kudambo ndi zitsime zosazama, mijigo isanadandaule n'komwe. Onjezanipo chaka cha ng'amba ngati cha 2015/16 kapena cha 2023/24, pamene m'nkhokwe mumalowa zochepa koma othirira amapopa kwambiri kuposa kale.

Ngakhale zili choncho, ine sindikufulumira kunena kuti madzi a kwanu akutha. Pali vuto lina lofanana nalo maonekedwe koma losiyana mankhwala. Pampu ikamapopa, madzi amatsika mozungulira mjigowo, kwambiri pafupi, pang'ono kutali. Pampu yamphamvu ikapopa maola ambiri, kutsikako kumafalikira mamita makumi angapo, pena mazana, malinga ndi nthaka. Kukafika pa mjigo wanu, madzi amatsika kupitirira pamene pali silinda, kachipangizo kokoka madzi kamene kali kunsonga kwa mapaipi pansipo, inu n'kumapukusa mphepo. Dzuwa likalowa sola imazima, usiku madzi amabwerera, m'mawa mjigo uli bwinobwino. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi zimenezi. Mijigo ikulimbirana malo amodzi, koma nkhokwe ikhoza kukhala kuti idakali ndi chakudya.

Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna chingwe ndi kope. Pezani chitsime chosapopedwa chapafupi, kapena pemphani amakaniki akutsegulireni mutu wa mjigo. Mangani kabotolo kolemera kunsonga kwa chingwe choyera, tsitsani mpaka mumve kuti kakhudza madzi, ndipo yezani utali wa chingwe kuchokera pamalo amodzi omwewo nthawi zonse. Pa sabata imodzi ya Okutobala yezani kawiri pa tsiku, mbandakucha ndi cha m'ma 3 koloko masana. Kenako pemphani eni sola, kudzera kwa amfumu, kuti azimitse mapampu masiku awiri. Chimanga sichifa ndi masiku awiri. Mjigo wanu ukapereka madzi tsiku lonse pa masiku amenewo, palibenso chokanganirana. Mungathenso kuzimitsa imodziimodzi kuti mudziwe imene ikukukhudzani kwambiri, ndipo nthawi zambiri imakhala yoyandikira.

Kudziwa ngati nkhokwe yeniyeniyo ikuchepa kumatenga zaka. Yezani kamodzi pa mwezi, mbandakucha, koma nambala yofunika kwambiri ndi ya kumayambiriro kwa Meyi. Kutsika kwa mu Novembala kusakuopseni, madzi amatsika chaka chilichonse. Choopsa ndi pamene Meyi wa chaka chino ali pansi pa Meyi wa chaka chatha, ndipo wa chaka chamawa n'kutsikanso, chonsecho mvula inagwa bwino. Lawaninso madziwo. M'chigwa muno muli malo ena a madzi amchere, ndipo kupopa kwambiri kumatha kuwakokera kumjigo umene unali wokoma.

Pa zozamitsa, funsani kaye ku ofesi ya zamadzi ya boma kapena kwa amene anakumba kuti mjigowo ndi wakuya mamita angati ndipo silinda ili pati. Nthawi zambiri pansi pa silinda pamakhala malo otsala, moti kuonjezera mapaipi awiri ndi marodi ake kumathetsa vuto la masana pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kuitana galimoto yobowola. Malire alipo: Afridev inapangidwa kukweza madzi osapitirira mamita 45, ndipo silinda siyenera kukhala pansi penipeni pamene pamadikha matope. Koma ngati kope lanu la Meyi likuonetsa kutsika chaka ndi chaka, kuzamitsa n'kungothamangitsana. Inu mukazamitsa, a sola nawonso azamitsa, ndipo chikwama chawo n'chachikulu kuposa cha komiti.

Apo pofunika n'kuchepetsa chotapa ndi kuchulukitsa cholowa. Eni madimba azithirira mosinthana masiku m'malo mopopa onse nthawi imodzi, aphimbire mbewu ndi mapesi, ndipo asamasiye pampu ikusefukiza thanki dzuwa lonse. Kumtunda kwa mudzi, mizere ya ngonyeka, akalozera ndi udzu wa vetiva zimaimitsa madzi a mvula kuti apeze nthawi yolowa pansi, ngakhale phindu lake silioneka chaka chimodzi. Dziwaninso kuti lamulo la zamadzi la 2013 limafuna kuti wopopa madzi ochuluka ngati a ulimi wothirira akhale ndi chilolezo chochokera ku bungwe la National Water Resources Authority, ndipo madzi akumwa ndi a pakhomo ndi amene amakhala patsogolo. Pamsonkhano wa kwa amfumu mungathe kufunsa mwaulemu kuti zilolezozo zilipo kodi, ndipo zikulola malita angati pa tsiku. Mukapite ndi kope lija, mutalembamo masiku, maola ndi mamita a sabata ya Okutobala, kuphatikizapo masiku awiri ozimitsa mapampu.