Ulendo wa ku Joni pa basi: Msilamu adye chiyani m'njira?

"Salamu aleikumu achimwene. Mwezi wa mawa ndinyamuka ku Mangochi kupita ku Joni pa basi, koyamba. Sindinadyepo chakudya chosakhala halali. Kodi m'njiramo ndidzidya chiyani, ndipo ndikadziwa bwanji kuti ichi n'chabwino?"

Waaleikumu salamu achimwene. Nyama ya nkhumba yomwe ili poyera m'mbale siikuvutani, muiona n'kuilambalala. Chimene chimagwetsa anthu pa msewu umenewu ndi mafuta ndi mphika.

Ine zinandionekera pa sitolo ina ya m'mbali mwa msewu titangodutsa tauni ya Musina ku South Africa. Ndinaitanitsa tchipisi chokha, ndili phee mumtima kuti mbatatesi ilibe mlandu. Ndikudikira, ndinaona mayi wogulitsayo akuponya masoseji awiri ofiira, aja amati rashani, m'chiwaya chomwecho momwe munali tchipisi changa. Masoseji amenewa nthawi zambiri amakhala ndi nkhumba. Ndinalipira, tchipisi ndinapatsa mnzanga wa pampando, ine n'kugona ndi mtedza. Kuyambira tsikulo ndinasiya kufunsa kuti "Muli nkhumba umu?" chifukwa wogulitsa amayankha kuti ayi, ndipo sakunama. Ndimafunsa kuti "M'mafutamu mwakazingiramonso chiyani?" Kapena ndimangoima kaye pambali n'kuona zomwe zikulowa m'chiwaya.

Basi yochokera ku Blantyre imatuluka pa Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka pa Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa. Mugona m'basimo usiku umodzi, mwina uwiri mzere ukatalika pa chipata. Choncho kamba wanu akhale wa masiku awiri, ndipo mum'gawe pawiri. Wa tsiku loyamba: nkhuku yozinga nokha, yokazinga mpaka iume bwino, mazira owiritsa anayi osasenda, ndi mbatata kapena chinangwa chophika. Izi zithe tsiku lomwelo, chifukwa kutentha kwa ku Tete si kwamasewera. Mpunga wa msuzi musautenge, pofika madzulo umakhala utasasa, ndipo kutsegula m'mimba uli m'basi ndi chilango china. Wa tsiku lachiwiri akhale wouma: mtedza wokazinga, mandasi, buledi, tende ngati mwam'peza, ndi madzi osachepera malita atatu. Musasunge nyama kuti mukalowe nayo ku South Africa, pa Beitbridge pali malamulo oletsa kulowetsa za nyama popanda chilolezo.

Ku Tete chenjerani ndi nyemba. Kwathu nyemba ndi ndiwo yothawirako, koma kumeneko kuli kaphikidwe kena kotchedwa fejowada, komwe amaponyamo zidutswa za nkhumba kapena soseji yotchedwa shorisu. Mawu oti muwatchere khutu ndi "poruku", ndiyo nkhumba, ndi "banya", mafuta ake. Mwayi wake, anthu ambiri a ku Zobue mpaka ku Tete amamva Chinyanja, ndiye funsani m'chilankhulo chathu chomwechi. Buledi wawo wa pawu ndi nthochi zimakwanira. Ku Zimbabwe nkhumba amati nguruve. Sadza, yomwe ndi nsima yathu yomweyi, mutha kudya ndi masamba kapena matemba, bola mufunse ngati masambawo sanathiremo msuzi wa nyama. Ng'ombe ndi nkhuku za pa siteji ine ndimazisiya, poti wozinga sindikum'dziwa.

Mukatsika pa Park Station, siteji ya mabasi ya ku Joni, mavuto achepa. Fordsburg ndi Mayfair zili chakumadzulo pang'ono, ulendo waufupi pa takisi, ndipo kuli mizikiti, mabutchala ndi malo odyera a halali ochuluka. M'masitolo yang'anani chizindikiro cha SANHA, NIHT kapena MJC, mabungwe otsimikizira halali, pa paketi. Pa malo odyera musakhutire ndi mawu oti halali olembedwa ndi penti pakhoma. Pemphani kuona satifiketi, muwerenge zinthu ziwiri: tsiku lomwe ikutha ntchito, ndi keyala. Kampani imodzi imatha kukhala ndi nthambi ya halali pa msewu uno, ina yosakhala halali pa msewu wotsatira, pakuti satifiketi imaperekedwa ku nthambi payokhapayokha. M'makomboni mudzakumana ndi kota, buledi wobooledwa wodzaza tchipisi, poloni ndi rashani uja. Fungo lake limakoka, koma popanda satifiketi ipiteni. Maswiti otafuna ndi yogati zina zimakhala ndi jelatini, yemwe amatha kuchokera ku nkhumba, ndiye nazonso muziona chizindikiro.

Wina m'basimo adzakuuzani kuti wapaulendo amaloledwa kudya chilichonse. Ndime ya 173 ya Sura Bakara imanena za munthu wosimidwa, yemwe alibiretu china choti adye. Pa siteji pomwe akugulitsa nthochi ndi mazira owiritsa, ine sindiona kusimidwa. Ngati muli ndi matenda a shuga kapena mankhwala ofuna kudya kaye, kambiranani ndi a Shehe komanso adokotala musananyamuke, ndipo kambayo akhale m'kachikwama ka pamiyendo, chifukwa katundu wa m'buti simum'onanso mpaka pa chipata.