Kuphimba podulidwa mu vidiyo ya kamera imodzi

"Abale, ndimajambula mavidiyo ophunzitsa kuweta nkhuku ndi foni imodzi kuno ku Chipata. Dzulo ndinanena kuti mazira amaswa pa masiku 12 m'malo mwa 21, kenako ndinabwereza bwino. Ndikadula polakwikapo mutu wanga ukudumpha moonekeratu. Ndijambulenso zonse?"

Ayi amayi, musajambulenso. Poti munabwereza mawuwo, zofunika muli nazo kale.

Yambani ndi khutu, maso abwere pambuyo. Mu CapCut, pulogalamu yodulira mavidiyo pafoni, pezani pamene chiganizo cholakwikacho chikuyambira, osati pa nambala yokhayo. Tiyerekeze kuti chikuyamba pa 1:42 ndipo chabwinocho chikuyamba pa 1:51. Dinani Split pawiri ponsepo, chapakaticho muchotse. Dulani pakachetechete, munthu atatseka pakamwa koma asanakoke mpweya. Mukadula pakati pa mpweya, womvera amamva ngati mwatsamwa. Kenako tsinzinani, mumvetsere kawiri. Ngati khutu silikupeza podulidwapo, ntchito yaikulu yatha.

Tsopano mutu wodumpha uja. Pitani kukhola ndi foni yomweyo, muigwire mmene munaigwirira poyamba, chogona kapena choimirira. Jambulani thadzi lili pamazira, dzanja likutola dzira, ndi chala chikuloza tsiku pakalendala, chilichonse masekondi 10 foni isakugwedezeka. Sankhani chimodzi, muchiike pamwamba ndi Overlay, muchikulitse chidzaze sikirini yonse, ndipo mawu ake muwatsitse pa Volume kufika pa 0.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chithunzi chophimbiracho chisayambe pamene mwadulapo ndendende. Chiyambe sekondi imodzi kapena awiri musanafike podulidwa, cha pa 1:40, chithe cha pa 1:44. Woonera amachoka pankhope yanu mukuyankhula bwinobwino, amaona thadzi, akamabwerera wayiwala mmene mutu unapendekera. Chikangong'anima theka la sekondi, diso limadziwa kuti pabisidwa kanthu. Komanso chigwirizane ndi mawu. Mukunena za masiku 21, tione mazira kapena kalendala, osati phiri la Kanjala chifukwa choti ndi lokongola. Ine zophimbira zopanda mutu zimandiwawa kuposa kudumpha kwenikweniko, chifukwa zimachotsa maganizo a wophunzira pa phunziro.

Pamene mulibe chophimbira, kokerani chithunzi pafupi. Gawo lotsatira podulidwapo mulikulitse ndi zala ziwiri, lioneke ngati kamera yachiwiri: poyamba timakuonani mpaka m'chiuno, tsopano mapewa ndi mutu. Kukulitsa pang'ono kwambiri kumaoneka ngati foni yagwedezeka, choncho pafunika 120% kapena kuposerapo, maso akhale pamzere womwe analipo. Malire ake ndi awa: mukajambula mu 1080p, kupitirira kwambiri 120% nkhope imayamba kuchita mbuu. Mukajambula mu 4K n'kutulutsa mu 1080p, mutha kufika 200% osataya kanthu, kungoti foni imadzaza msanga. Mukadulanso kutsogolo, bwererani pa kukula koyamba.

Kudumpha kwina kusiyeni. Mu vidiyo yaifupi ya pa Facebook kapena TikTok anthu anakuzolowera, bola mawu akuyenda. Chomwe sindikonda ndi kusungunula chithunzi china kulowa m'chinzake: kwa kanthawi munthu amaoneka ndi mitu iwiri.

Pali zina zimene chophimbira sichingabise. Tsiku lina ndinajambula bambo wina wosoka zovala kufupi ndi msika wa Kapata. Pachiganizo choyamba njinga yamoto inkadutsa, pobwereza inali itapita. Ndinaphimba bwino ndi manja awo ali pamakina, koma phokoso la njingayo linkangozima mwadzidzidzi pakati, aliyense n'kumva. Kuyambira pamenepo, ndikamaliza ndimajambula masekondi 30 tonse tili chete. Phokoso la pamalopo ndimaliyala pansi pa podulidwa, ndipo mawu ndimawapatula ndi Extract audio n'kuika Fade ya masekondi 0.1 kuti pasamveke kuti "thi". Inu muli ndi atambala, ndiye akalira pakati pa chiganizo, dikirani amalize, muyambirenso chiganizocho.

Kuwala nakonso kumaulula. Nyengo ya dzinja mitambo imayenda, gawo lina lowala lina lakuda. Khalani pamthunzi wa khonde, ndipo musanayambe dinikizani chala pankhope yanu pasikirini mpaka kamera itseke kuwala. Pa iPhone pamalembedwa AE/AF LOCK, mafoni ena amaonetsa kaloko.

Ulendo wina mukalakwitsa musazimitse kamera kapena kusuntha pampando. Ombani m'manja kamodzi, dikirani masekondi awiri, manja abwerere pamene anali, muyambire pachiyambi cha chiganizo ndi liwu lomwe lija. Kuombako kumaoneka ngati kamzere kakatali pa mizere ya mawu, ndiye podula simusakasaka. Ndipo poti nambala ndiyo inavuta, lembani "masiku 21" pamwamba pa chithunzi cha thadzilo.