Wailesi ya pa intaneti: mmene mungaipezere mu apu, ndi chifukwa chake ikumaliza bando msanga

"Achimwene, ine ndine mlonda kuno ku Nchalo, ndimagwira usiku kuyambira 7 mpaka 5 mmawa. Mwana wanga anandiikira apu ya nyimbo pa foni koma masiteshoni athu sindikuwapezamo bwino, ndiye tsiku lina ndinapeza imodzi ndikumvera, bando ya 1GB inatha usiku wachiwiri usanathe. Chonsecho nyimbo wamba ndimamvera sabata yonse. Kodi akundibera kapena foni ndi yowonongeka?"

Ayi bambo, palibe wakubelani, foninso ili bwinobwino. Masamu ake ndikuonetsani pompano, koma tiyambe ndi kupeza siteshoniyo kaye chifukwa pamenepa anthu ambiri amasokonezeka ndi mawu oti Radio amene amawaona mu apu.

Mu apu ngati Spotify mukaona palembedwa Radio, imeneyo si wailesi yeniyeni ya muulutsi, nkhani ndi zamaliro ayi, ndi mndandanda chabe wa nyimbo zofanana ndi imene mwasankha, ndiye MBC kapena Zodiak ikuulutsa pompano simuipezamo ngakhale mutasaka mpaka mmawa. Mukufunika apu imene ntchito yake ndi masiteshoni, monga TuneIn, Simple Radio kapena Radio Garden. Mu TuneIn dinani pa Search mulembe dzina lonse, Zodiak, MBC Radio 1, Times Radio, Capital FM, kapena mungolemba Malawi muone zimene zibwere. Pa Capital FM muonetsetse kuti palembedwa Malawi kapena Blantyre, poti dzina limeneli lilinso ku Kenya ndi ku London. Radio Garden ndiye yosavuta kwa munthu wosafuna kutaipa, imakupatsani dziko lonse lozungulira lili ndi timadontho tobiriwira, mukokera ndi chala mpaka pa Blantyre kapena Lilongwe, mudina kadontho, mayina atuluka. Mukaipeza yanuyo dinani ka mtima kaja isungike pa Favorites, mawa musavutikenso.

Masiteshoni a kwathu kuno ngati Nyanthepa ya ku Nsanje kapena Gaka, mukawasowa musadabwe. Siteshoni imaoneka mu apu pokhapokha eni ake atakhala ndi kompyuta yomwe ikutumiza mawu pa intaneti usana ndi usiku, magetsi akathima kumeneko kapena deta yawo ikatha, dzina limaoneka ndithu koma mukadina limangozungulira osayankhula. Vuto limakhala kwawoko, osati foni yanu, yesani ina muone.

Tsono za bandoyo. Siteshoni iliyonse imatumiza mawu pa liwiro lake lomwe amalemba kbps, ndipo ambiri amakonda 128. Pa 128 kbps sekondi iliyonse imadya ma KB 16, ndiye ola limodzi ndi ma MB pafupifupi 58. Inu shifiti yanu ndi maola 10, ndiye usiku umodzi ndi ma MB 576, usiku wachiwiri ukamafika cha m'ma 2 kapena 3 koloko 1GB yatha basi, ndendende mmene zakuchitikirani. Siteshoni ya pa 64 kbps ikanadya theka, ma MB 29 pa ola, ya pa 32 ma MB 14 okha, ndipo kwa nkhani, ulaliki kapena mpira 32 kapena 48 imamveka bwinobwino pa sipika ya foni.

Nanga bwanji nyimbo wamba zimakutengerani sabata? Nyimbo ndi failo yomwe ili ndi pothera. Mukaimvera kamodzi apu imaisunga mkati mwa foni, mukaibwereza mawa kawirikawiri siikokanso pa intaneti, ndipo ngati mwana wanuyo anapanga daunilodi zina pa wayifayi ndiye zimenezo sizidya olo KB imodzi. Kumeneko ndi kutunga madzi mu ndowa nkumamwa pang'onopang'ono, pomwe layivi ndi mpopi wosiyidwa wotsegula. Zomwe muulutsi akunena pano sizinakhaleko kale, palibe choti foni isunge, sekondi iliyonse ndi yatsopano ndipo mumailipira. Kaya ndi malonda, kaya muulutsi wangokhala chete akusaka nyimbo, kaya mwatsitsa voliyumu mpaka ziro mukuzungulira mpanda, mita ikuyendabe chimodzimodzi.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi choti mu apu ya nyimbo mumatha kusankha nokha kuti mawu akhale otsika, mwachitsanzo Spotify ili ndi Low ya pafupifupi 24 kbps ndi Normal ya 96, koma pa wailesi wosankha ndi eni siteshoni. Akaika 128 yokha, inu mulandira 128, kaya mwayatsa Data Saver kaya ayi. Masiteshoni ena amaika njira ziwiri, ndiye siteshoni ikamalira yang'anani pa timadontho titatu kapena pa Settings ngati pali posankha, mutenge nambala yaing'ono.

Ngati apu sikulemba nambala, mutha kuyeza nokha mphindi 10 zokha. Pitani pa Settings ya foni, mupeze Data usage, pa Samsung ili pansi pa Connections, pa Tecno ndi itel yang'anani pomwe pali za SIM ndi netiweki. Pezani dzina la apuyo, lembani nambala yomwe ilipo, muyatse wailesi mphindi 10, mubwerere muchotsere. Ikakwera ndi ma MB 10 kapena pafupi, muli pa 128. Ma MB 5 ndi 64. Awiri ndi theka ndi 32. Ikaposa 20 ndiye kaya siteshoniyo ili pamwamba kwambiri kaya apu ikukokanso mavidiyo a malonda, isiyeni mupeze ina. Muchite zimenezi ndi masiteshoni atatu omwe mumawakonda, mudziwa yoti muzigona nayo ndi iti.

Netiweki yodukaduka imaonjezanso. Ku Nchalo pa msika ili bwino, koma mukalowa mkati mwa minda ya nzimbe kapena kutsikira ku East Bank, siteshoni imaduka nkulumikizanso, ndipo ikamalumikiza imakoka kaye masekondi angapo nthawi imodzi kuti isunge, ma apu ena aulere amakuyambitsaninso malonda. Kusungako ndi komwe kumapangitsa kuti Bullets ikamwetsa chigoli, aneba a wailesi ya mabatire akhale atakuwa kale inu mukumva mpira uli pakati pa bwalo.

Layivi ya vidiyo pa Facebook kapena YouTube ndiye ina, imeneyo ndi ma MB mazanamazana pa ola ngakhale chithunzi chake chili cha munthu wangokhala pa mpando mu situdiyo. Ngati ndi msonkhano woti simungauphonye, dinani ka giya mutsitse Quality, pa YouTube mpaka 144p, mawu azimvekabe. Komanso samalani, bando ya WhatsApp kapena Facebook yokha sigwira TuneIn, ndiye foni ikhoza kuyamba kudya mayunitsi.

Kwa inu bambo, ine ndinganene kuti MBC ndi Zodiak muzimvera pa FM. Mafoni ambiri a itel ndi Tecno ali ndi apu yolembedwa FM Radio, mungolowetsa mahediseti a waya chifukwa wayayo ndi amene amakhala eriyo, deta sidya ngakhale pang'ono, batire nayonso imafika mmawa. Intaneti isungireni siteshoni yomwe FM sikukoka pomwe mwakhalapo kapena ya ku Joni komwe kuli abale, ola limodzi kapena awiri, ndipo mukamagona masana ikani Sleep Timer kapena mudine Stop, osangotsitsa voliyumu. Maola awiri pa tsiku pa 64 kbps ndi ma MB 58, ndiye 1GB yomweyo ikufikitsani masiku 17, bola mugule ya mwezi osati ya sabata.