Adati ayankha Lachisanu, koma mpaka pano zii

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi: "Ndidachita mayeso a ntchito sabata yatha. Adati andiuza zotsatira pofika Lachisanu, koma lero ndi Lolemba, kulibe foni kapena imelo. Ndiwalembere? Ndikuopa kuoneka ngati wotopetsa."

Alembereni, achimwene, koma osati lero. Dikirani mpaka Lachiwiri m'mawa kapena Lachitatu. Nthawi zambiri amene adakulonjezani tsiku si amene amasaina komaliza. Mwina bwana wake ali paulendo, mwina akadacheza ndi ofuna ntchito ena, mwinanso adapereka kale ntchitoyo kwa munthu wina ndipo akudikira kuti avomere asanayankhe otsalanu. Pa chifukwa chachitatuchi mungakhale muli wachiwiri pamndandanda, choncho uthenga waukali ungakuphereni mwayi. Musanalembe, yang'anani kaye mu Spam, poti mayankho ena amagwera kumeneko.

Musayambe imelo yatsopano. Tsegulani ija adakuitanirani ku mayeso, dinani Reply, kuti dzina lanu ndi la ntchitoyo zionekere pomwepo. Munthu amene akulandira makalata ambirimbiri sangayambe kufufuza kuti ndinu ndani. Mawu ake akhale ngati awa:

"Zikomo bwana chifukwa chondipatsa mpata wokumana nanu sabata yatha pa za ntchito ya ukalaliki. Mudanena kuti zotsatira zituluka pofika Lachisanu, ndiye ndati ndifunse ngati mwafika pa chiganizo, kapena ngati pali tsiku lina lomwe ndingayembekezere. Ntchitoyi ndikuifunabe, ndipo ngati pali pepala lina lomwe mukufuna, nditumiza msanga."

Tsiku lomwe adalonjeza mwalitchula kamodzi kokha, ngati chikumbutso, popanda kuwaloza chala. Chiganizo ngati "simudandiyankhe monga mudalonjezera" n'choona ndithu, koma chimachititsa munthu manyazi, ndipo wamanyazi amasankha kungokhala chete. Funso la tsiku lina lija ndiye lofunika kwambiri, chifukwa ngakhale amene alibe yankho lenileni atha kulemba kuti "dikirani mpaka sabata yamawa". Kupepesa kambirimbiri ndi kufotokoza mavuto a kunyumba, zisiyeni. Zimatalikitsa uthenga, ndipo sizisintha maganizo a olemba ntchito.

Malangizo odikirawa amasintha ngati kwina akupatsani kale ntchito ndipo akufuna yankho, tinene, pofika Lachinayi. Pamenepo musadikire n'komwe, lembani lero, mutchule tsikulo poyera ndi kuti mukadakonda ntchito yawoyi. Koma zikhale zoona. Ena amanama pofuna kufulumizitsa zinthu, n'kungoyankhidwa kuti "zabwino zonse kumeneko".

Akapanda kuyankha, dikirani sabata yathunthu, mulembenso kachiwiri, mwachidule kuposa poyamba, kapena muimbe foni kamodzi nthawi ya ntchito ngati nambala adakupatsani okha. Kukakhalabe zii, kachitatu musalembe. Pitirizani kufunsira kwina.