Buku la zolakwika likakhala mbee: yankho kwa sisita wa ku wadi ya ana

"Ndine sisita woyang'anira wadi ya ana, ndili ndi anamwino 11 ndi ophunzira angapo. Buku lathu lolembamo zolakwika latha miyezi inayi osalembedwamo kanthu, ndipo ndinkanyadira. Sabata yatha mwana wina anabayidwa jentamaisini kawiri m'mawa umodzi, koma ine ndinamvera kwa mayi ake patapita masiku awiri. Anamwino atatu ankadziwa. Nditafunsa pa handova, onse anangoti zii. Ine si munthu wankhanza. Nanga akundiopa chifukwa chiyani, ndipo nditani?"

Asisita, ndikukhulupirira kuti si inu ankhanza. Koma kuti anthu atseke pakamwa sipafunika nkhanza. Ndiyambe ndi bukulo, chifukwa linayamba kalekale kukuuzani zimene mwamva sabata yathayi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Amy Edmondson, amene pa nthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Harvard ku America, analowa m'gulu lofufuza zolakwika zochitika popereka mankhwala m'zipatala ziwiri zophunzitsira madotolo. Mawadi anali asanu ndi atatu. Anamwino ena osankhidwa anazungulira m'mawadimo kwa miyezi isanu ndi umodzi kusonkhanitsa zolakwika, pamene iye ankayeza m'mene anthu a wadi iliyonse amagwirira ntchito limodzi: utsogoleri, kumvana, ubale. Ankayembekezera zimene inu ndi ine tikanayembekezera, kuti wadi yogwirizana ikhala ndi zolakwika zochepa. Zinatuluka mozondoka. Mawadi a atsogoleri abwino ndi amene anali ndi zolakwika zambiri pa pepala, ndipo yapamwamba inaposa yapansi pafupifupi kakhumi.

Iye sanathamangire kunena kuti kumvana kumabala ulesi. Anatumiza munthu wina amene sankadziwa manambalawo, ngakhalenso zimene iye ankaganiza, kuti akangokhala m'mawadimo, kuona ndi kumvetsera. Kumene manambala anali okwera, anamwino ankakambirana zolakwika poyera ngati gawo la ntchito. Kumene anali otsika, ankanena kuti wolakwa amaimbidwa mlandu. Zimene zinkawerengedwa sizinali zolakwika zonse zochitika ayi, koma zolakwika zimene anthu analimba mtima kuzitchula. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1996, ndipo mu 1999 Edmondson anatulutsa kafukufuku wina wa magulu 51 a pa kampani ina yopanga katundu, umene unakhazikitsa mfundo yakuti gulu limaphunzira pokhapokha anthu ake akukhulupirira kuti kufunsa, kutsutsa kapena kuvomera kulakwa sikuwachititsa manyazi kapena kuwalangitsa.

Ndisakokomeze: mawadi asanu ndi atatu ndi ochepa, ndipo kafukufukuyo sanatsimikize kuti omasukawo ankalakwitsa pang'ono kuposa anzawo. Chimene anaonetsa n'chakuti kuchepa kwa malipoti si umboni wa ntchito yabwino. Wadi ya ana, kumene mlingo wa mankhwala umawerengedwa potengera makilogalamu a mwana aliyense, singathe miyezi inayi popanda wina kuphonyako.

Tsopano lowani mu nsapato zoyera za namwino uja pamene anazindikira kuti wabaya jakisoni wachiwiri. Akanena, mtengo wake aulipira yekha, lero lomwe, anzake akuona: dzina m'buku, mwina kalata, mwina kuitanidwa kwa a metironi, ndipo mnzake amene anabaya woyamba amuona ngati kazitape. Phindu la kunenako ndi la mwana, ndi la ana ena amene sanabwere n'komwe, ndipo silioneka ndi maso. Akakhala chete, mwina mwanayo akhala bwino ndipo nkhani ifera pompo. Palibe amene anaitanidwapo ku ofesi chifukwa chokhala chete. Onjezani kuti tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndiponso kuti mbiri ya wadi imayenda: kaya ndi inu, kaya ndi amene analipo inu musanabwere, ngati wina anakalipiridwapo pamaso pa odwala, ngakhale ophunzira obwera mwezi uno anaimva kale.

Ndipo taonani zimene masiku awiri aja anadya. Jentamaisini akachuluka amawononga impso ndi makutu. Nkhani ikanamveka m'mawa womwewo, adotolo akanaona zoimitsa kapena kuchedwetsa jakisoni wotsatira, mkodzo wa mwana ukanayamba kuyang'aniridwa, ndipo magazi akanayezedwa ngati zipangizo zilipo. Jakisoni wachiwiri anali ngozi, koma kukhala chete kunachotsa mpata wokonza.

Kunena pa msonkhano kuti "khomo langa ndi lotsegula" sikusintha masamu amenewa. Chimene chimawasintha ndi zimene zimachitikira munthu woyamba kulankhula, ndipo chitsanzo chimene ndimachikonda chikuchokera ku kampani ya galimoto ya Ford. Alan Mulally anakhala mkulu wake mu 2006, chaka chimene kampaniyo inaluza madola oposa 12 biliyoni. Anayambitsa msonkhano wa Lachinayi lililonse, pamene mkulu wa gawo lililonse ankaonetsa ntchito zake ndi mitundu itatu: zobiriwira ngati zikuyenda, zachikasu ngati zikukayikitsa, zofiira ngati zavuta. Masabata oyamba zonse zinali zobiriwira, kampani ikumira. Ndi buku lanu lomwe lija. Kenako Mark Fields, woyang'anira malonda a ku America, anaika chofiira: galimoto yatsopano yotchedwa Edge inali ndi vuto pa chitseko chakumbuyo ndipo anaimitsa kuitumiza kwa ogulitsa. M'chipindamo munati duu. Mulally anawomba m'manja n'kufunsa amene angathandize, ndipo ena anadzipereka pomwepo.

Mbali imene ambiri amaidumpha ndi yakuti anzake sanasinthe tsiku lomwelo. Anadikira kaye kuti aone ngati Fields akhalabe pa mpando wake, ndipo atamuona akadalipo m'pamene zofiira ndi zachikasu zinatuluka zambirimbiri. Mu 2014 Fields yemweyo analowa m'malo mwa Mulally. Anthu anu nawonso sadzaweruza mawu anu a tsiku loyamba. Adzayang'ana ndandanda ya mashifiti ya mwezi wotsatira, kuona ngati wolankhula uja wapatsidwa mausiku ochuluka kapena wamanidwa tchuthi.

Nayi njira imene ndingatsate pa nkhani ya jakisoniyi. Musaifunsenso pa handova. Funso lakuti "anabaya ndani?" pamaso pa anthu khumi ndi bwalo la milandu, ndipo yankho lake lolondola mwalilandira kale. Itanani atatuwo mmodzimmodzi, mutakhala pansi nonse, tchati cha mwana chili patsogolo, ndipo yambani ndi mbali yanu: kuti nkhani yotere ikamatenga masiku awiri kuti ikufikeni, pali china m'kayendetsedwe kanu chofunika kukonza. Musanene mongokometsa, nenani chifukwa ndi zoona. Kenako funsani za nthawi ndi zinthu, osati za khalidwe. Jakisoni woyamba anabayidwa nthawi yanji? Anasainidwa liti? Pa shifitiyo panali anamwino angati pa ana angati? Wobaya kachiwiri atatsegula tchati anaona chiyani? Mukafunsa, dikirani, ngakhale chete atalike mpaka inu kuyamba kumangika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kawirikawiri nkhani yotere imayenda chonchi: wa usiku wabaya 6 koloko m'mawa, asanasaine waitanidwa kwa mwana wina amene akukomoka, nthawi yoweruka yakwana, wa masana wapeza malo osainira ali mbee ndipo wabaya. Ngati zanu zili choncho, yesani funso limene James Reason, katswiri wa ku Britain pa za ngozi za pa ntchito, analitchukitsa: mutaika anamwino ena atatu a maphunziro ofanana pa malo omwewo, ndi tchati chomwecho ndi chiwerengero chomwecho cha ana, kodi akanachita mosiyana? Ngati mtima wanu ukuti ayi, kulanga uyu sikuteteza mwana wotsatira. Chomuteteza ndi lamulo lakuti tchati chizipita pa bedi ndipo kusaina kuzichitika pomwepo, komanso kuti malo osasainidwa asatengedwe ngati umboni wakuti mankhwala sanaperekedwe mpaka wa shifiti yapitayo kapena mayi wa mwana atafunsidwa. Mayi uja ankadziwa zonse. Amayi ogona pambali pa mabedi amawerenga majakisoni a ana awo mosaphonya, ndipo zimandipweteka kuti sitiwafunsa.

Pali malire, ndipo muwanene poyera kuti wina asadzati munawanamiza. Kuphonya kosafuna kumafuna chitonthozo ndi kukonza dongosolo. Chidule chimene wadi yonse inazolowera, monga kusaina mankhwala onse pamodzi kumapeto kwa shifiti, chimafuna kuphunzitsana ndi kuchotsa chimene chikuchititsa. Koma kubwera ku ntchito utaledzera, kapena kusintha tchati kuti ubise zimene zachitika, ndi mlandu ndithu ndipo ukhalabe mlandu. Musalonjezenso chinsinsi chimene simungasunge. Nkhani ya mwanayu iyenera kulembedwa ndi kukafika kumene malamulo a chipatala chanu amafuna. Chimene mungalonjeze n'chakuti mulemba zonse, kuphatikizapo kuchepa kwa anthu pa shifiti, ndipo akaitanidwa mupita nawo.

Nanga kubisa kwa masiku awiri? Apa ena sagwirizana nane, koma maganizo anga ndi akuti ulendo uno musalange. Auzeni mosapita m'mbali zimene kuchedwako kukanachita ku impso za mwana, muwauze kuti kuyambira lero nkhani yotere izikufikani shifiti isanathe, kenako muilekere pomwepo. Mukalanga tsopano, phunziro limene atenge ndi lakuti mayi wa mwana asamadziwenso.

Musanachite zonsezi, pitani kwa a metironi. Nkhanga zinapangana kusanapse. Awuzeni kuti malipoti a wadi yanu akwera m'miyezi ikubwerayi ndipo kukwerako ndi kumene mukufuna, kuopa kuti angadzatenge manambalawo n'kubwera nawo kudzakalipa, zonse n'kugwera pansi tsiku limodzi.

Pakatha miyezi itatu, tsegulani bukulo, koma musangowerenga kuchuluka kwa mizere. Onani ngati muli zolakwika zimene zinagwidwa zisanafike kwa mwana, monga mlingo wolakwika umene wina anauona asanabaye, chifukwa zimenezo palibe amene akanazidziwa wolembayo akanapanda kufuna. Onani ngati alipo amene analemba za iye mwini, osati za shifiti ina yokha, ngati dzina la wophunzira likupezekamo pakati pa olemba, ndiponso kuti pakumapita maola angati kuchokera pa chochitika kufika polemba. Mukapeza kuti muli zokhazo zimene sizikanabisika, monga mwana kugwa pa bedi anthu akuona, mudzandilemberenso ndipo mudzandiuze zimene zinachitikira munthu woyamba kulembamo.