Kapepala koitanira achinyamata kakumveka ngati kukalipa: tikonze pati?

Funso: "Ndine mlembi wa gulu la achinyamata pa mpingo wathu ku Chinamwali kuno ku Zomba. Kapepala koitanira anzathu ku msonkhano ndalemba motere: 'Achinyamata nonse mukudziwitsidwa kuti kudzakhala msonkhano waukulu pa tchalitchi pano. Mutu: Kupewa makhalidwe oipa pakati pa achinyamata. Aliyense ayenera kufika mosalephera. Muzisunga nthawi.' Anzanga akuti zikumveka ngati tikuwakalipira. Ndikonze pati?"

Anzanuwo sanakunamizeni, alembi. Chichewa chanu n'cholongosoka ndithu, palibe liwu lomwe mwalakwitsa. Vuto lili pa aneni amene mwasankha, chifukwa onse ndi a munthu woimirira kutsogolo amene akulankhula kwa anthu okhala pansi.

Tiyambe ndi "mukudziwitsidwa". Mneni akathera ndi -idwa kapena -edwa amabisa amene akuchita ntchitoyo. Akudziwitsa ndani? Sakuoneka. N'chifukwa chake mawu ngati "mukudziwitsidwa", "mukupemphedwa" ndi "mukukumbutsidwa" amakhala bwino pa bolodi la zidziwitso kusukulu kapena ku ofesi, komwe wolemba safuna kuoneka nkhope. Koma kuitana kumafuna mwini wake. Munthu akamakuitanira ku ukwati sanena kuti "mukuitanidwa", amati "mudzabwere ndithu, tidzakudikirani". Choncho bwezani woitanayo m'chiganizo: "tikukuitanani". Ka ti- kameneka kokha kachotsa kale theka la ukali wa kapepala kanu.

Kenako pali nkhani ya kulamula, ndipo apa Chichewa chili ndi masitepe ambiri. "Ayenera kufika mosalephera" ndi mawu a lamulo, ndipo wowerenga amayembekezera kuti chotsatira ndi chindapusa. "Muzisunga nthawi" ndiye woopsa kwambiri. Ka -zi- kameneka kamalamula chizolowezi, monga mmene mayi amanenera kuti "uzisamba usanagone". Mukauza munthu kuti azisunga nthawi, mwamuuza kale kuti amachedwa, pamene msonkhanowo sunayambe n'komwe. "Bwerani" alibe mlandu, ngakhale ndi wouma pang'ono akakhala yekha. "Mudzabwere" ndi wofewa, wa munthu amene akukuyembekezera. "Tabwerani mudzaone" amanyengerera. Koma woposa onse pa ntchito yanuyi ndi uja wophatikiza wolemba ndi wowerenga: "tiyeni", "tikumane", "tidzakambirane". Amene wanena kuti "tiyeni" sangakhale akukalipa, poti nayenso ali pa ulendo womwewo.

Samalani pang'ono ndi -dza- ndi -ka- mukamasankha mawuwa. Ngati msonkhano uchitikira pa tchalitchi panu pomwepo, lembani "mudzamve" kapena "tidzaimbe", chifukwa anthu akubwera kumene inu muli. Ngati gulu lonse linyamuka kupita ku Domasi kapena ku Thondwe, lembani "tikamve", "tikaimbe". Mukasokoneza awiriwa, wina adzafunsa ngati pakufunika ndalama ya minibasi.

Nanga za nthawi zija titani, poti kuchedwa kulipodi? Nenani zimene inu mudzachite, osati zimene iwo amalakwitsa. "Kwaya iyamba 8 koloko m'mawa" yanena zonse popanda kuloza munthu chala. Ndipo onetsetsani kuti wotaipa walemba "m'mawa" osati "mawa". Chilembo chimodzi chikagwa pamenepo, nthawi ya tsiku yasanduka tsiku lotsatira.

Mutu wa msonkhano ndi umene ungathawitse anthu ambiri. "Kupewa makhalidwe oipa pakati pa achinyamata" ukunena za achinyamata ngati kuti iwo palibe, ndipo waweruza kale mlandu. Mtsikana wa Fomu 3 akawerenga zimenezo akudziwiratu kuti tsiku lonse likathera pa mowa, chamba ndi mimba, iye ali duu pa benchi. Mwina mutuwo unachokera kwa akulu ampingo ndipo simungausinthe. Palibe kanthu, usiyeni mu ndondomeko ya msonkhano. Pa kapepala ikani funso limene wachinyamatayo amadzifunsa yekha usiku, m'mawu ake omwe: "Anzanga onse akumwa, ndikane bwanji osataya chinzake?" Kapena ili: "Sukulu ndamaliza, ntchito kulibe, nanga Mulungu akuti chiyani?" Nkhani ndi yomweyo, koma tsopano amene akufunsa ndi iye, ndipo msonkhano wasanduka malo okapezako yankho.

Miyambi ndi mavesi nazo zimatenga mbali. "Mawu a akulu akoma akagonera" ndi "safunsa anadya phula" ndi miyambi yabwino, koma ntchito yake ndi kulangiza, ndiye pa kapepala koitanira imamveka ngati chikwapu. Ngati mukufuna mwambi, "mutu umodzi susenza denga" umaitana anthu kuti asonkhane. Pa mavesi, Mlaliki 12:1 amauza wachinyamata chochita, kuti akumbukire Mlengi wake adakali wamng'ono, pamene 1 Timoteo 4:12 amaima kumbali yake, kuti wina asamupeputse chifukwa cha msinkhu. Pokopa anthu, lachiwirili ndi lomwe limagwira. Sankhani chimodzi chokha, mwambi kapena vesi. Zonse ziwiri pamodzi ndiye ulaliki wayambika.

Ena amathawira ku "iwe" poganiza kuti ndiye chinyamata. Ine sindikulangizani kutero. M'gulu la achinyamata mumakhala wa zaka 14 komanso wa zaka 28 amene ali kale pa ntchito, ndipo "iwe" wochokera kwa munthu wosaoneka amamveka ngati mwano. Khalani pa "inu", ubale muuonetse ndi liwu loti "anzathu". Pewaninso "inu achinyamata", poti ndi mmene madandaulo a akulu amayambira. Chimodzimodzi mawu a m'tauni monga "magaye" ndi "zili bho": kapepalaka kadutsa m'manja mwa abusa, kenako kwa makolo amene apereke chilolezo ndi ndalama. Komanso "magaye" ndi "anyamata" amasiya atsikana panja, pamene "achinyamata" amatenga onse.

Tikasonkhanitsa zonsezi, kapepala kanu kangaoneke chonchi (tsiku ndi ndalama ndangoika zachitsanzo):

Tikumane, anzathu!
"Anzanga onse akumwa, ndikane bwanji osataya chinzake?"
Tidzakambirane momasuka. Kudzakhalanso kwaya, nkhomaliro, mpira wa miyendo ndi wa manja.
Loweruka, 16 Ogasiti, pa tchalitchi pathu ku Chinamwali.
Tiyamba 8 koloko m'mawa, tiweruka 4 koloko madzulo.
Ya chakudya ndi K3,000.
Tengani Baibulo, mbale ndi kapu. Mutengenso mnzanu.
Tikukuitanani ndife achinyamata anzanu.

Mawu ake angopitirira 50 pang'ono, ndipo akwana pa theka la pepala la A4 ndi zilembo zazikulu zoti munthu n'kuwerenga ataima pakhomo la tchalitchi kapena pa foni. Pansi pake onjezani dzina la mpingo ndi nambala ya munthu mmodzi wofunsako zambiri. Mwaona kuti "tengani" ndamusiya ngakhale ndi wolamula. Lamulo lonena za mbale ndi kapu palibe amene amakhumudwa nalo, chifukwa silikukhudza khalidwe la munthu. Ngati msonkhanowo ndi wogonera ndipo uchitika mu Juni kapena Julaye, lembaninso "bulangeti ndi juzi", poti kuzizira kwa m'munsi mwa phiri la Zomba mukukudziwa kale. Nthawi yowerukira musaichotse ngakhale malo atachepa: wochokera ku Sadzi kapena ku Matawale amafuna kudziwa ngati adzafika kwawo kusanade, ndipo funso loyamba la makolo ake likhala lomwelo.