Akuti nditumize theka kaye, foni ibwera pambuyo

"Zikomo achimwene. Ndine mayi wa ku Kasungu. Ndaona foni ya Samsung pa tsamba lina la Facebook, akuti shopu yawo ili ku Limbe. Mtengo ndi K280,000 pomwe kuno ikugulitsidwa K450,000. Akuti nditumize theka pa Airtel Money, yotsalayo ndidzapereke foni ikafika. Tsambalo lili ndi olitsatira oposa 20,000 ndipo ndemanga zake ndi zabwino zokhazokha. Nditumize?"

Mayi, lero musatumize. Sindikunena kuti anthuwo ndi akuba, popeza pa Facebook pali amalonda achilungamo ambiri, ena alibe ngakhale benchi pamsika. Koma pa zonse zomwe mwatchula palibe chimene wakuba angavutike kuchipanga. Olitsatira amagulidwa, kapena munthu amagula tsamba lathunthu limene linali la nthabwala kapena la mpira n'kulisintha dzina. Ndemanga amalemba anzake, zoipa n'kuzifufuta. Chofuna kudziwa n'chimodzi: kodi shopuyo, foniyo ndi munthu wolandira ndalamayo n'zamwini mmodzi? Wakuba amakhala ndi zithunzi za shopu ya wina, foni ya pa intaneti ndi nambala ya munthu winanso, ndiye kufufuza kwanu kukhale kofuna kuona ngati zitatuzi zikukumana.

Yambani ndi mbiri ya tsambalo. Tsegulani About, mupeze pomwe alemba Page transparency. Pamenepo Facebook imaonetsa tsiku limene tsambalo linatsegulidwa komanso maina amene linakhala nawo kale. Ngati akuti akhala akugulitsa mafoni zaka zisanu koma tsamba linatsegulidwa mwezi watha, kapena mwezi wa Marichi linkatchedwa dzina la kwaya, mwapeza kale yankho. Kenako sungani chithunzi cha foniyo m'foni mwanu ndi kuchifufuza ndi Google Lens, pulogalamu yoonetsa malo ena pa intaneti pomwe chithunzicho chikupezeka. Chithunzi cha kukampani yopanga foni sichikuuzani kanthu, aliyense amachigwiritsa ntchito. Chodetsa nkhawa n'chija chooneka ngati chojambulidwa m'shopu, dzanja litagwira bokosi, koma n'kupezekanso pa tsamba la wogulitsa wa ku Nairobi kapena ku Joni. Lembaninso nambala yawo ya foni pofufuzira pa Facebook. Anthu oberedwa amakonda kuika nambala za owabera m'magulu ogulitsirana, ndipo nthawi zina imatulukira.

Tsopano dzina, lomwe kwa ine ndiye pagona nkhani. Musanachite chilichonse afunseni kuti, "Nambala yomwe nditumizepo ndalama inalembetsedwa m'dzina la ndani?" Ayankhe molemba pa WhatsApp. Mukatero imbani *211#, yambani ngati mukutumiza, muone dzina limene lituluke musanalowetse nambala yanu yachinsinsi, kenako thetsani. Njira ina ndi kutumiza K500 yokha n'kuwerenga dzina mu uthenga wotsimikizira. Pa Mpamba n'chimodzimodzi, pa *444#. Ngati mwakhala mukulankhula ndi bambo, tsamba lili ndi dzina la kampani, koma pakutuluka dzina la mayi amene sanatchulidwepo, funsani. Yankho lake limakhala lakuti "ndi ya mlamu wanga" kapena "yanga yadzaza". Mwina n'zoona. Komabe wogulitsa mafoni a mitengo yotere sangakhale wopanda akaunti ya kubanki kapena nambala ya bizinesi yomwe dzina lake likugwirizana ndi zomwe wakuuzani. Dziwaninso malire a njirayi: dzina likagwirizana sizitanthauza kuti munthuyo ndi wachilungamo, chifukwa alipo olembetsa simu ndi chiphaso cha munthu wina n'kumadzitchula dzina lomwelo. Kusiyana kwa maina kumakuuzani kuti muime, koma kufanana kwake kumangokulolani kupitiriza kufunsa.

Akakupatsani nambala ya ejenti kuti "mungotapa pamenepo", kanani. Amalonda ena abwinobwino amatero pothawa ndalama yotapira, ndikudziwa, koma m'mabuku a kampani ya foni mudzalembedwa kuti munatapa ndalama zanu. Pokadandaula mudzayamba ndi kufotokoza chifukwa chake munatapa ku Blantyre muli ku Kasungu.

Zikafika apa, pemphani kuimbirana pa vidiyo. Vidiyo yojambulidwa kale ayi, imeneyo imabedwa ngati zithunzi zomwe. Akuonetseni foniyo itayaka, aimbe *#06# inu mukuona, ndipo IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo ya manambala 15, yomwe ituluke ifanane ndi ya pabokosi. Ngati bokosi n'lomata ndipo sakufuna kulitsegula, akuonetseni pepala la IMEI la pabokosipo, muilembe kuti mudzafananize foni ikafika. Atulukenso panja pang'ono muone chikwangwani ndi msewu. Wogulitsa weniweni zimenezi zimamutengera mphindi ziwiri. Winayo netiweki imavuta nthawi yomweyo, kapena kamera inawonongeka dzulo, munthu wogulitsa mafoni.

Pa mtengo sinditaya nthawi. Kusiyana kwa K170,000 pa foni yatsopano kukufuna chifukwa chomveka. Wa ku Limbe akhoza kutchipitsa poyerekeza ndi wa ku Kasungu, koma onsewo amasaka madola pamsika umodzi. Mwina ndi yogwiritsidwapo ntchito, mwina ndi yachinyengo yongolembedwa Samsung, mwina ndi ija yogula pangongole yomwe imadzitseka mwini akasiya kulipira, mwinanso kulibe foni n'komwe.

Chomwe ndingachite nditakhala inu n'chachikale. Muli ndi m'bale, mnzanu wa kumpingo kapena mwana wa neba amene amakhala ku Blantyre? Auzeni ogulitsawo kuti, "Mchimwene wanga abwera mawa kudzaona foni, ndalama yonse ndilipira iye ali pomwepo." Afunseni msewu, dzina la nyumba ndi nambala ya chitseko. Mupatseni m'baleyo ya minibasi ndi ya fanta, ikhale K10,000, poyerekeza ndi K140,000 ndi yochepa. Nthawi zambiri ulendowo suchitika n'komwe, mayankho okha amaulula. Woona amati abwere, timatseka 5 koloko. Wabodza amati katundu ali kunyumba yosungira katundu, kapena mitengo yotsikayi ndi ya ogula pa intaneti okha, kapena yatsala imodzi ndipo wina wa ku Mzuzu akutumiza ndalama pompano.

Ineyo ndinaphunzira ndi nsapato. Ndinatumiza theka, mawa lake anandiimbira kuti katundu wafika kwa otumiza katundu koma pakufunika ya inshuwalansi yomwe idzabwezedwa. Ananditumizira ngakhale chithunzi cha lisiti. Ndinawonjezera, chifukwa munthu ukalowetsa kale ndalama umaopa kutaya yoyambayo. Tsiku lachitatu anati ndilipirenso msonkho wa kasitomu wa katundu wolowa m'dziko, nsapato zochokera ku Lilongwe kupita ku Zomba! Apo m'pomwe ndinadzidzimuka. Choncho akakutumizirani lisiti, musaimbe nambala yolembedwa pamenepo kapena yomwe akupatsani iwo. Pitani nokha ku ofesi ya kampani yotumiza katunduyo pa Kasungu pompo, mufunse ngati nambala ya katunduyo ilipo m'mabuku awo.

Ngati mwatumiza kale musanawerenge izi, imbirani kampani yanu ya foni ola lomwelo, chifukwa ndalama ikatapidwa kwa ejenti kubweza kumavuta kwambiri. Jambulani macheza onse, tsambalo ndi uthenga wokhala ndi nambala ya malipiro asanakutsekeni, mupite nazo kupolisi. Ngati shopuyo ilipodi koma yakutumizirani chinthu chosiyana ndi chimene munagwirizana n'kukana kubweza, dandaulo lotere amalandira a Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Mundilembere zomwe ayankhe mukawauza za mchimwene wanu uja.